Botolo la kwa apongozi ku Domwe: ndigule lotani, ndikapereke bwanji?

Mkamwini wa ku Domwe: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndimagwira ntchito ku Moatize koma ndinakwatira ku Domwe, ku Angonia. Khirisimasi ino tikupita kwa makolo a mai akunyumba, ndipo aka nkoyamba kukagonako chichitireni ukwati. Apongozi aamuna ndi mphunzitsi wopuma, a Katolika, amamwa koma mwaulemu. Ndapatula mametikali 2,500 a botolo. Ndigule wisiki kapena vinyo? Nanga pokapereka ndikawapatsa ndekha m'manja kapena pali njira yake? Ine ndinakulira m'tauni, za kumudzi ndimangozimva.

Wa pa Zobwe: Red Label basi, nkhani yatha. Mdala aliyense akaona kamunthu koyenda ndi ndodo kaja amamwetulira.

Anambewe: Inu a pa Zobwe musamupupulumitse mwana. A Mkamwini, funso loyamba si la botolo ayi. Kodi mwawafunsa akazi anu kuti bambo awo amamwa chiyani kwenikweni? "Amamwa mwaulemu" ndi mawu otakata. Wina amamwa Manica imodzi akachoka ku misa, wina kapu ya vinyo pa chakudya, wina masese a pamudzi okhaokha. Ndipo kumwa kwawo mai ake amakuona bwanji? Pali makomo ena oti bambo amamwa koma mai akulimbana nazo kuti asiye. Mukalowa ndi wisiki pakhomo lotero, bambo akondwa tsiku limodzi, mai akusungirani kumtima chaka chathunthu.

Mkamwini wa ku Domwe: Ndafunsa tsopano lino. Akuti pa chikondwerero amakonda vinyo wofiira, anazolowera kale akuphunzitsa pa sukulu ya mishoni. Zakali amalawa pakabwera alendo. Mai ake alibe nazo vuto, iwonso amalawa zotsekemera.

Wogulitsa ku Tete: Apo ndiye mwatipatsa pogwira. Ine ndagulitsa zakumwa kwa nthawi yaitali mu mzinda muno, ndiye ndinene zimene ndimaona. Chimene anthu ambiri saganizira ndi chakuti botolo likakafika kumeneko lidzamwedwa bwanji. Vinyo wa mamililita 750 amatuluka makapu asanu, mukachepetsa asanu ndi limodzi. Pa Khirisimasi kumudzi pamakhala amalume, alamu, a nyakwawa odutsa, ndiye botolo limodzi la vinyo limatha anthu asanamalize kulonjerana. Komanso akalitsegula liyenera kutha m'masiku awiri kapena atatu, likapitirira limayamba kuwawasa. Wisiki ndi wosiyana. Botolo lomwelo limatuluka matoti pafupifupi 30, ndipo akalitseka bwino limakhala miyezi osasintha. Mdala amaliika m'kabati, mlendo wolemekezeka akabwera amalitulutsa nkunena kuti ili anandibweretsera mkamwini wanga wa ku Moatize. Dzina lanu limatchulidwa mpaka Pasaka.

Koma poti mwanena kuti bambo amakonda vinyo ndipo mai amalawa zotsekemera, ine ndikanakulozerani pakati: vinyo wa Porto. Ndi vinyo wa ku Portugal wothiridwa mowa waukali, mphamvu yake imakhala pa 19 kapena 20 peresenti, pamene vinyo wamba amakhala pa 12 mpaka 14 ndipo wisiki 40 kapena 43. Ndi wotsekemera, amamwedwa m'tikapu ting'onoting'ono, ndipo akatsegulidwa amapirira milungu ingapo, makamaka wolembedwa Tawny. Ku Angonia nkozizira, sangavute kusunga. Onse awiri amwako, ndipo munthu amene anakhala pafupi ndi ansembe achipwitikizi amaudziwa ulemu wake.

Wa pa Zobwe: Porto ndi wa azimayi uyo. Mdala wachingoni mukampatse zotsekemera ngati Sobo? Adzaseka.

Wogulitsa ku Tete: Mumwe makapu atatu a "Sobo" ameneyo muone ngati mudzuke pampando. Komabe pali choona pang'ono pa zimene mukunenazo: amene anazolowera vinyo wofiira wosatsekemera nthawi zina Porto amamukola msanga. Ndiye njira ina ndi mabotolo awiri a vinyo wofiira wabwino m'malo mwa limodzi lodula. Periquita kapena Monte Velho a ku Portugal, kapena Nederburg wa ku Joni, amapezeka m'masitolo akuluakulu ndipo sachititsa manyazi. Limodzi atsegule pa tsikulo, lina asunge. Mitengo imasinthasintha, koma pa ndalama mwanenayo awiri akwanira.

Mnyamata wa shapa: Bwanji osangogula galafawu ya vinyo, chibotolo chachikulu cha malita 5? Ndalama yomweyo, mudzi wonse umwa. Ine ndimanyamula magalafawu ambirimbiri nyengo ino kupita ku Ulongwe.

Anambewe: Galafawu ndi ya pa phwando, si mphatso ya apongozi. Imeneyo mumagula mukauzidwa kuti thandizani zakumwa za anthu. Mukaipereka ngati mphatso ya bambo, zimamveka ngati mukuti iwo ndi chidakwa chofuna zambiri. Ngati thumba likulola gulani zonse ziwiri, galafawu ipite kukhitchini mwakachetechete, botolo lipite kwa eni khomo.

Aphunzitsi opuma: Ndalowa mochedwa koma nkhaniyi ikundikhudza, poti nanenso ndili ndi akamwini atatu. Za mtundu wa botolo ndasiyira odziwa. Ine ndinene za kaperekedwe, chifukwa pamenepo mpamene ana a m'tauni amapunthwa.

Musatsike shapa botolo lili m'manja. Likhale m'chikwama, lokutidwa, anthu a m'njira asadziwe chimene mwanyamula. Mukafika mulandiridwa, mupatsidwa pokhala, malonje achitika, madzi abwera. Nthawi yonseyo katundu ali phee. Mphatso imatuluka pambuyo, anthu ongobwera kudzaona alendo atabalalika. Ndipo kwathu kuno mkamwini watsopano sanyamuka yekha kukaika chinthu m'manja mwa apongozi. Mumapatsa akazi anu, kapena mlamu wanu wamwamuna, kapena ankhoswe ngati alipo, iwo ndiwo amakatula nkunena kuti a uje atitengerako kakuti. Inu muli pomwepo chapatali pang'ono, mwanjuta, mukuomba m'manja pang'onopang'ono. Bambo akathokoza muyankhe mwachidule kuti nkochepa. Mtengo musatchule, ndipo kapepala ka mtengo muchotseretu ku Moatize konko.

China chimene ndikuona kuti palibe wachitsindika: botolo lisapite lokha. Mukapereka botolo kwa bambo, mai nkungoyang'ana, mwalakwira mwini khomo weniweni. Kapulana yabwino, shuga, mafuta ophikira, sopo, izi zipite kwa mai kudzera mwa mwana wawo. Kunena zoona, pakhomo pamakambidwa za kapulana kuposa za botolo.

Mai a Chisomo: Aphunzitsi, zoti mkamwini asapereke yekha zija zikadalipo? Kwathu ku Furankungu amuna anga amakhala pa mpando umodzi ndi bambo anga nkumaonera mpira. Chaka chatha anawapatsa okha botolo ndi manja awiri, bambo anakondwa kwabasi. Mwina zimatengera banja.

Aphunzitsi opuma: Zimatengeradi banja, mai. Koma amuna anu akhala pakhomopo zaka zingati? Uyu ndi ulendo woyamba. Ukayamba ndi ulemu wochuluka, apongozi okha ndiwo amakumasula kuti iyayi bambo, khalani pampando, tipatseni nokha. Ukayamba ndi kuzolowera, palibe amene adzakuuze kuti walakwa, adzangokuyang'ana. Ndipo kwa apongozi aakazi ndiye musayese nkomwe kuwapatsa chinthu m'manja pokhapokha iwo atayamba.

Mai a Chisomo: Pa apongozi aakazi ndavomera. Pa bambo ndikanakhala ine ndikanafunsa mkazi wanga kuti kwanu mumatani, basi.

Mkamwini wa ku Domwe: Mlamu wanga wamkulu adzakhalapo, ndidzera mwa iyeyo. Nanga akatsegula nkundipatsa kuti ndimwe nawo?

Aphunzitsi opuma: Landirani ndi manja awiri. Pa mowa wa masese wobweretsa ndiye amayamba kulawa kuti anthu aone kuti mulibe kanthu. Botolo lomata silifuna zimenezo, koma akulu ena amachitabe mwa chizolowezi, ndiye akakupatsani kapu yoyamba musadabwe ndipo musakane. Imwani pang'ono. Yachiwiri mukhoza kuikana mwaulemu. Chimene simuyenera kuchita ndi kutsegula nokha, kapena kufunsa kuti bwanji titsegule lija. Mukapereka si lanunso. Akafuna kulisunga mpaka chaka chamawa ndi zawo.

Bambo a Tadala: Ine vuto langa ndi lomweli koma la kuntchito. Shefi wathu wa dipatimenti akupuma kumapeto kwa chaka, ndiye ndimafuna ndimugulire Black Label. Komanso pali mpando wina ukutseguka mu Febuluwale, ndiye ndimati mwina andikumbukire asanachoke, kaya mukundimva.

Anambewe: Takumvani bwino lomwe, ndipo aliyense mu ofesi mwanumo adzakumvani chimodzimodzi. Imeneyo si mphatso, bambo.

Wa ku Boma: A Bambo a Tadala, ngati muli m'boma samalani. Kuno kuli lamulo la Probidade Pública, linakhazikitsidwa mu 2012, ndipo limaletsa wantchito wa boma kulandira mphatso chifukwa cha udindo wake, makamaka kuchokera kwa munthu amene akuyembekezera chigamulo chake. Makampani akuluakulu a migodi nawonso amakhala ndi malamulo awo a mphatso, ena amafuna kuti chilichonse cholandiridwa chilembedwe. Ndiye mukhoza kumuika shefi wanuyo pa mpanipani: akalandira walakwa, akakana wakuchititsani manyazi. Njira yoyera ndi yosonkherana. Dipatimenti yonse iponye, mugule botolo limodzi labwino, khadi lisainidwe ndi onse, liperekedwe poyera pa tsiku lotsanzikana ndi munthu wamkulu pakati panu. Pamenepo Black Label ikukwana, poti ndi ya zaka 12 ndipo aliyense amadziwa kuti ili pamwamba pa Red. Koma ya inu nokha, mu ofesi chitseko chotseka, mpando ukutseguka mu Febuluwale, ayi.

Bambo a Tadala: Nanga ndikampititsira kunyumba atapuma kale?

Wa ku Boma: Atapuma, ndipo za mpandozo zitagamulidwa, palibe angakunenezeni. Koma ndikukayika ngati pa nthawiyo mudzafunebe kugula.

Mlongo wa ku Ulongwe: Pepani ndilowerere. Nonse mukukamba ngati aliyense amamwa. Kuno ku Angonia anthu ambiri ndi a Reformada, ena a Sabata, ndipo mkulu wa mpingo mukamutengera botolo la mowa pamaso pa anthu mwamuvula. Ngakhale amene amalawa mobisa sangalandire poyera. Kuntchito nakonso kuli Asilamu. Ngati simukudziwa bwinobwino, pali madzi a mphesa a thovu opanda mowa, botolo lake lokongola ngati shampeni, kapena majuwisi a Compal ndi Ceres. Palibe amene anakwiyapo chifukwa cholandira juwisi.

Mkamwini wa ku Domwe: Zoona mlongo, koma awa ndatsimikiza kuti amamwa poyera.

Mlongo wa ku Ulongwe: Chabwino. Mufunsenso za matenda. Akulu ambiri masiku ano ali pa mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi. Ngati ali ndi shuga, Porto uja ndi Amarula ndiye zoyamba kuzichotsa pa mndandanda.

Wogulitsa ku Tete: Mfundo imeneyo ndi yolemera, funsanidi. Tsopano za kogula, poti Disembala ndi mwezi wa mabotolo achinyengo. Wisiki wa dzina ndiye amene amaberedwa kwambiri: anthu amatola mabotolo opanda kanthu m'mabala, kuthiramo zotchipa zopaka mtundu, nkutsekanso. Musagule pa baraka kapena kwa munthu wokupezani pa msewu ndi mtengo wa theka. Pitani mu sitolo yaikulu yopereka lisiti. Botolo mulitenge m'manja muliyang'ane. Kuyambira 2017 vinyo ndi zakali zogulitsidwa m'dziko muno zimayenera kukhala ndi selu ya msonkho, kapepala kaja komata pa chitsekerero. Ikhale yosang'ambika, yosamatidwanso ndi guluu. Chitsekerero chikhale cholumikizana ndi mkombero wake wapansi, chisazungulire chokha mukachigwira. Muike mabotolo awiri a mtundu umodzi pafupi: mowa ulekezere pa mzere umodzi ndipo mtundu ufanane. Mukaona tizinyalala tikuyandama mu wisiki, kapena zilembo za pa chikalata zofufutika, bwezani pa shelefu.

Wa pa Zobwe: Njira yachidule ndi kuligwedeza. Thovu likachedwa kutha ndiye kuti ndi lenileni. Komanso nkhani ya ku Chitima ija musaiwale, anthu anatha ndi mowa wachinyengo womwewu.

Wogulitsa ku Tete: Za thovuzo zimangokuuzani pang'ono za mphamvu ya mowa, osati chimene chili m'katimo. Wachinyengo wa mphamvu yofanana achita thovu lomwelo. Ndipo za ku Chitima mwasakaniza. Zija zinachitika mu Januwale 2015, anthu 75 anamwalira, koma unali phombe wophikidwa pamudzi womwedwa pa maliro, ndipo ofufuza anapeza kuti poizoni anachokera mu ufa wa chimanga umene unaonongeka. Sizikukhudzana ndi mabotolo a m'sitolo. Choopsa cha zakali zachinyengo ndi china, ndi mowa wa mtundu wa methanolo umene umapha maso ngakhale munthu amene.

Wa pa Zobwe: Chabwino, koma selu nayonso amapanga yabodza.

Wogulitsa ku Tete: Amapangadi, nchifukwa chake ndayamba ndi sitolo, selu ikubwera pambuyo. Palibe chizindikiro chimodzi chokwanira pachokha.

Ndipo a Mkamwini, mukasankha vinyo mdani wanu wamkulu si wachinyengo koma dzuwa la Tete. Kuno kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo vinyo akakhala pa windo la sitolo kapena m'galimoto yotsekedwa amapsa. Mudzamudziwa chonchi: chitsekerero cha khoko chimatukumuka kukankha chophimba chake, pakhosi pa botolo pamakhala podontha pouma ponanda, ndipo akatsanulidwa mtundu umapita ku bulauni, kukoma kwake ngati zipatso zophika. Sankhani botolo la m'kati mwa shelefu mu sitolo yozizira. Pa vinyo wa mtengo uwu musathamangire chaka chakale poganiza kuti ndiye wabwino, tengani wa zaka ziwiri kapena zitatu zapitazi. Wotchipa sakoma ndi kukalamba, makamaka atakalambira kuno.

Mnyamata wa shapa: Pa ulendo ndinenepo ine. Musalole kuti chikwama cha botolo chikwere pamwamba kapena chipite kumbuyo pansi pa matumba. Likulungeni mu kapulana ya apongozi ija, muliike chilili pakati pa zovala, chikwama pamiyendo. Ndipo musakhale mpando wa kutsogolo pamwamba pa injini, pamatentha ngati pa mbaula. Nyamukani ndi shapa ya m'mamawa, mukamafika ku mapiri kunja kwazizira kale.

Anambewe: Kapulana ya mphatso asakulungire botolo, likadontha waononga ziwiri. Akulunge ndi thaulo lake.

Wogulitsa ku Tete: Muonenso chitsekerero. Ngati ndi cha khoko, kumudzi chotsegulira chilipo? Ndaonapo anthu akukankhira khoko m'kati ndi msomali pamaso pa alendo. Gulani chotsegulira muike m'thumba limodzi ndi botolo, nchotchipa. Mavinyo ambiri a ku Joni ali ndi chitsekerero chopotokola, ndipo Porto wamba ali ndi kachitsekerero kozula ndi dzanja, amenewo savuta.

Aphunzitsi opuma: Ndiwonjeze chimodzi chimene akamwini anga sanauzidwe ndi wina aliyense. Chimene mwabweretsa ulendo woyamba chimakhala muyeso. Mukayamba ndi botolo la mametikali 6,000 chifukwa chofuna kudzionetsa, chaka chamawa mukabwera ndi la 1,500 anthu adzati ntchito yatha kapena chikondi chazilala. Yambani ndi chimene mungathe kubwereza chaka ndi chaka. Komanso muganizire akamwini anzanu pakhomopo. Ngati wina ndi mlimi wa mbatata amene wabweretsa nkhuku, inu musatule zanu pamaso pake mokweza. Nchifukwa chake tikuti mphatso idzere kwa mlamu, anthu atachepa.

Mkamwini wa ku Domwe: Ndafunsanso. Bambo shuga alibe, koma apongozi aakazi ali pa mankhwala a kuthamanga kwa magazi ndipo akuti masiku ano sakulawanso. Ndiye ndikuganiza mabotolo awiri a vinyo wofiira kwa bambo ndi chotsegulira chake, kapulana ndi shuga ndi mafuta kwa mai, ndi juwisi wa mphesa uja kuti nawonso akhale ndi chokweza pa tebulo. Ndalama ya botolo ikatsala ndiwonjezera ku kapulana.

Wa pa Zobwe: Ine ndikuti mdalayo akanakonda Red Label. Mudzandiuza.

Wogulitsa ku Tete: Poti mai sakumwa, Porto wagwa yekha, vinyo wofiira ali bwino. Mugule sabata yomwe mukunyamukayo, osati lero, pokhapokha ngati muli ndi chipinda chozizira. Mufiriji mukhoza kusunga, koma osati mu gawo loumitsa madzi.

Mai a Chisomo: Kapulana asankhe akazi anu, inu musayerekeze. Ndipo zikhale ziwiri ngati agogo aakazi akadali moyo pakhomopo.

Mkamwini wa ku Domwe: Agogo alipo. Ndiye bajeti yakweranso.

Bambo a Tadala: Nanga zosonkherana zija, tikakhala anthu 9 aliyense aponye zingati kuti Black Label ikwane? Wina ali pafupi ndi sitolo andionereko mtengo wa lero.